Masabata Awiri Amene Anasowa Papepala

Pa kampani yomanga imene ndayendetsako galimoto zaka khumi ndi zitatu, munthu aliyense ali ndi dzina lapantchito. Ine amanditcha Giya. Alembi athu a mu ofesi timawatcha Mayi Pensulo, chifukwa chiwadziwireni sindinawaonepo opanda pensulo yosomeka m'tsitsi, pamwamba pa khutu lamanja. Desiki yawo ili pafupi ndi chitseko. Kumanzere kwawo kuli makina osindikizira omwe amatafuna mapepala akakwiya, kumbuyo kuli kabati ya mafayilo, ndipo zenera lawo limayang'ana pabwalo pomwe timaunjika mawilibala ndi matabwa. Aliyense wolowa amayamba wadutsa pa iwo, koma kwa zaka zambiri anthu ankangowaona ngati manja otayipa makalata basi.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, m'galimoto, ndikamawaperekeza kukatula makalata. Mayi awo anali telala wa pakhonde la sitolo, waluso ndithu, koma wosatha kukana munthu. Aliyense wobwera ndi nsalu ankauzidwa mawu amodzimodzi: "Mubwere Lachisanu." Wa diresi laukwati Lachisanu, wa yunifomu za ana Lachisanu, wa makatani Lachisanu lomwelo. Likakwana tsikulo telala uja ankabisala kuseri kwa nsalu zopachika pakhondepo, n'kutuma mwana wake wamkazi kukanena kuti amayi atuluka.

"A Giya, ndinanama mpaka kukamwa kuwawa," anandiuza tsiku lina akuseka. "Tsiku lina mayi wina anandiyang'ana n'kuti, 'Mwanawe, ngati amako atuluka, mapazi akuoneka pansi pa nsalu apowo ndi a ndani?' Manyazi ake! Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Madzulo omwewo ndinatenga kope lakale n'kuyamba kulemba: diresi masiku awiri, malaya tsiku limodzi. Munthu akabwera ndinkawonkhetsa ntchito imene ili kale pamzere, n'kumuuza tsiku lenileni. Ena ankanyanyala, koma ambiri ankabweranso."

Sekondale sanaimalize. Bambo awo atamwalira anasiyira panjira, n'kukaphunzira kutayipa. Anakwatiwa ndi bambo wowotcherera zitsulo, munthu wofatsa amene amabwera kudzawatenga panjinga yamoto mvula ikagwa, ndipo ali ndi ana atatu. Pa kampani yathu analowa ine ndisanabwere. Ntchito yawo inali kutayipa, kusindikiza, kumata masitampa ndi kusunga mafayilo. Palibe amene anawapemphapo kuwonkhetsa kanthu. Iwo ankangowonkhetsa okha, monga ena amasinira utitiri pachovala cha mnzawo osapemphedwa.

Chaka chathachi tinapeza ntchito yomanganso wodi ya amayi oyembekezera pa chipatala china chaching'ono cha kunja kwa tauni. Wodi yakaleyo inali itang'aluka makoma. Inayenera kugumulidwa, ndipo pomwepo pamangidwe yatsopano. Amayi ndi makanda anayenera kusamukira m'nyumba yosungiramo zokolola ya bungwe la alimi, yomwe ili kutsidya kwa msewu. Alimiwo anabwereketsa nyumbayo mwaulere, koma kwa masabata 16 okha, poti ikatha nthawi imeneyo zokolola zimayamba kufika. Masabata 16 amenewo sanawalote ayi. Ndi amene a Injiniya athu anauza a Sisita, namwino wamkulu wa pachipatalapo, pafoni.

A Injiniya ndi bambo wachinyamata, wophunzira bwino, woyenda mothamanga ngati kumbuyo kwake kukuyaka moto. Lachiwiri m'mawa anaponya mapepala pa desiki ya Mayi Pensulo.

"Mayi, musindikize makope anayi. Lachinayi tikukasainirana kuchipatala."

Ine ndinali pabenchi pompo, kudikira makiyi. Pepala lachitatu linali ndondomeko ya ntchito: mzere uliwonse ntchito yake ndi masabata ake, ndipo pansi penipeni panalembedwa ndi zilembo zakuda bii kuti nthawi yonse ndi masabata 16. Ndinaona dzanja la Mayi Pensulo likukwera kutsitsi, pensulo n'kutsika.

Anawerenga motsitsa mawu, akuloza mzere ndi mzere. Kugumula ndi kuchotsa zigumukire, masabata awiri. Maziko ndi konkire ya pansi, atatu. Kukweza makoma, anayi. Denga, awiri. Mapaipi a madzi ndi njira za mawaya a magetsi, atatu. Pulasitala, awiri. Matailosi, awiri. Penti, awiri. Kuyendera ndi kupereka nyumba, sabata imodzi. Anawonkhetsa kutsika, anawonkhetsanso kukwera.

"A Giya, tabwerani. Inu mukupeza zingati?"

Ndinawerenga ndi zala, ndipo zala zitandithera ndinabwereka zoyamba zija. "Makumi awiri ndi imodzi."

"Nanga 16 uyu wachokera kuti?"

"Mayi, ine ndimadziwa mafuta ndi matayala. Izi n'za a Injiniya."

Ndinkaona kuti akulimbana ndi mtima. Munthu amene sanamalize sekondale kukagogoda kwa munthu wa digiri n'kumuuza kuti samu yalakwika, si zophweka. Koma anadzuka, anakonza bulauzi yawo, n'kukagogoda pa ofesi ya a Injiniya. Chitseko anachisiya chotsekula, ndiye zonse ndinazimva.

A Injiniya anamvetsera, kenako anaseka, osati monyoza kwenikweni, koma kuseka kwa munthu wotanganidwa.

"Mayi, ndondomeko siwonkhetsedwa ngati mitengo ya tomato pamsika. Ntchito zina zimayendera limodzi. Onani tchati cha patsamba lotsatirali. A mapaipi ndi a magetsi akuyamba sabata yomaliza ya makoma, n'kupitiriza pamene akalipentala ali padenga. Masabata awo atatuwo ali m'kati mwa masabata a anzawo. Sawonjezera nthawi. Mumawonkhetsa ntchito zokhazo zimene ina siingayambe inzake isanathe."

"Oho. Pepani, bambo, sindimadziwa."

"Palibe kanthu. Tangosindikizani."

Anatuluka nkhope itagwa. Atakhala pansi anandiuza motsitsa, "Ndadziyalutsa ndekha lero. Ukalamba uno kumakaphunzitsa m'busa pemphero." Anayatsa makina osindikizira, ndipo makinawo monga mwa khalidwe lake anatafuna pepala loyamba. Pamene ankalisolola, maso awo anali pa tchati chija. Ndinaona milomo ikugwedera.

"Makumi awiri ndi imodzi kuchotsapo atatu," anatero. "A Giya, si 18 ameneyo?"

"Ndi 18."

"Ndiye awiri enawo?"

Ulendo uno sanathamangire kugogoda. Anatenga pepala loyera n'kulemba ntchito zodikirana zokhazokha, monga anawauzira a Injiniya: kugumula, maziko, makoma, denga, pulasitala, matailosi, penti, kuyendera. Awiri, atatu, anayi, awiri, awiri, awiri, awiri, imodzi. Anayang'ana tchati kuti mwina pali ntchito inanso yoyendera limodzi ndi inzake, koma panalibe. Tchaticho chinali chojambulidwa m'mabokosi opanda manambala pamwamba, ndiye anawerenga mabokosiwo limodzilimodzi ndi nsonga ya pensulo. Anakwana 18. Anaimbira foni ngakhale akapitawo athu, kuwafunsa ngati sabata ya pa ndondomeko ndi ya masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Akapitawo anayankha kuti asanu ndi limodzi, kuyambira kale, ndipo palibe chasintha.

Kenako anatsekula kabati. Mayi amenewa sataya pepala. Mufayilo ya chipatalacho munali ndondomeko yoyamba, ya miyezi iwiri m'mbuyomo. Anaika mapepala awiriwo moyandikana, ndipo nkhani yonse inaonekera poyera. Pa yakaleyo maziko anali masabata awiri, makoma atatu, ndipo zonse zinkakwana 16 ndendende. Pambuyo pake achipatala anapempha kuti tiwonjezere chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane, ndi bafa. A Injiniya anawonjezera sabata pa maziko ndi sabata pa makoma, anakonzanso tchati, koma nambala ya pansi ija inali yochita kutayipa pamanja, yosasintha yokha, ndipo inatsala momwemo. Inalowanso m'kalata ya mgwirizano.

A Injiniya anali atatuluka kale kupita ku ntchito ina. Anabwera cha m'ma 3 koloko, nsapato zili fumbi lokhalokha. Mayi Pensulo sanalankhule zambiri. Anangoyala mapepala atatu patebulo pawo: lakale, latsopano, ndi lawo la pensulo.

"Bambo, m'mawa munandiphunzitsa, ndipo ndamva. Ndachotsa za mapaipi ndi magetsi. Tandithandizeni kuona ngati ndaphonyanso."

Ndinasuzumira. A Injiniya anali atagwira pepala la pensulo lija, chala chikuyenda pamanambala. Anafika pansi, anayambiranso. Kenako anakhala pampando pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana.

"Mayo ine," anatero. "Simunaphonye, mayi. Ndaphonya ndine."

Lachitatu m'mawa tinakumana mu ofesi ya abwana, eni kampani. Ndikuti tinakumana, koma ine ndinangoitanidwa kuti ndimve za ulendo wa mawa, n'kukhalira pakhomo. Akapitawo anabwera ndi chipewa chawo m'manja. Ndi bambo wa imvi, amene anayamba ntchito yomanga a Injiniya asanabadwe. Mayi Pensulo anaitanidwa kudzalemba zokambirana.

Abwana sanakondwe. "Tinanena 16, anthu anamva 16. Tikapita mawa ndi 18 atiyesa ana. Tisaine momwemo, tikathamangitse ntchito. Akapitawo, muike magulu awiri a amisiri pa makoma."

"Bwana, kanyumba kaja n'kakang'ono," anayankha akapitawo. "Magulu awiri azikangopondana. Ndipo konkire ya pamwamba pa zitseko ndi mazenera siimva kukalipa. Imafuna masiku ake kuti ilimbe. Ya maziko chimodzimodzi. Mukaithamangitsa tidzamanga wodi yong'aluka ngati imene tikukagumulayo."

"Ndiye tikafika sabata ya 14 tidzapemphe kuti atiwonjezere. Ndani sachedwa pa ntchito yomanga?"

Apa Mayi Pensulo anaika kope lawo pansi. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula pa msonkhano.

"Bwana, mundikhululukire. Ife tikachedwa tidzapepesa. Koma sabata ya 17 malole a alimi adzafika pakhomo pa nyumba yawo ija, m'katimo muli mabedi. Wodi yakale tidzakhala titaigumula, yatsopano ilibe penti, pansi pali fumbi la matailosi. Mayi amene wachira usiku wathawo adzapita naye kuti mwana? Lero a Sisita akhoza kukapempha masabata owonjezera alimi asanakonze zawo. Pa sabata ya 14 kudzakhala kulibe kopempha."

Abwana anawayang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti basi, ntchito yawathera mayiwa. Koma abwana athu ndi aukali wa pakamwa chabe. Anakanda m'mutu n'kutembenukira kwa akapitawo.

"Palibe pena paliponse pomwe tingadule?"

Akapitawo anapempha pepala la pensulo lija, n'kuliyang'ana atalitalikitsa, poti magalasi anali atawaiwala kunyumba. "Penti ndi masabata awiri: imodzi kunja, imodzi m'kati. Ya m'katiyo iyenera kudikira a matailosi atuluke. Koma yakunja siidikira matailosi. Tikayambira kunja popaka pulasitala, pofika sabata yachiwiri ya matailosi kunjako kudzakhala kutauma bwino, apenti akhoza kuyamba. Pamenepo tadula sabata imodzi. Kwinako musandinamize, ndipo ine sindikunamizani."

A Injiniya analemba msangamsanga, kenako anakankhira pepalalo kwa Mayi Pensulo. "Tawonkhetsani, mayi."

"Akwana 17."

"Tilembe 17," anatero abwana. "Ndipo nyumba ya alimiyo apemphe 18, kuti mvula kapena lole ikatikhumudwitsa pakhale popumira. Mayi, mawa mupite nawo. Mwayambitsa ndinu."

Lachinayi ndinawanyamula onse anayi. Mayi Pensulo anavala suti yabuluu imene amaisungira maukwati, ndipo njira yonse fayilo inali pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake. Kuchipatala tinalandiridwa m'kachipinda kofikira anamwino, momwe munali sikelo ya ana pakona ndi kalendala yodzaza zizindikiro zofiira. A Sisita ndi mayi wamfupi, wolankhula mosazungulira. Atamva nkhaniyo anavula magalasi.

"Ndiye mukundiuza kuti ndinakanamiza alimi?"

"Ndinakunamizani ndine, a Sisita," anatero a Injiniya. "Titawonjezera chipinda cha makanda sindinasinthe chiwerengero cha pansi. Anaona ndi mayi awa."

A Sisita anapempha kuona okha. Mayi Pensulo anawayalira pepala, n'kuwafotokozera ntchito imodziimodzi, iti ikudikira iti, iti ikuyendera limodzi ndi inzake. Poyamba mawu ankatuluka movutikira, koma atafika pa denga anali atayiwala mantha. A Sisita anatsatira ndi chala pa kalendala yawo, akuwerenga masabata mokweza, mpaka anafika pa tsiku lenileni.

"Nkhaniyi yandiwawa," anatero, "koma bola yandiwawa lero. Tiyeni kutsidyako tonse. Ndekha sindipita."

Tinawoloka msewu wapansi. Wapampando wa alimi tinamupeza akuyang'anira anthu osesa m'nyumba ija. Anamvetsera manja ali kumbuyo, kenako anapukusa mutu.

"Masabata awiri ndi ambiri. Oyamba kukolola amabwera msanga."

"Amabwera ochuluka bwanji sabata zoyambazo?" anafunsa Mayi Pensulo.

"Ochepa. Malole atatu, mwina anayi. Chigulu chimabwera pambuyo."

Akapitawo anali akuyang'ana shedi yakale ya kumbali kwa nyumbayo, ya denga lobooka. "Iyo tikaikhomera malata amene tichotse pa wodi yakale, malole anayi sangakwanemo?"

Wapampando anapita kukaiyang'ana, anaiyesa ndi mapazi m'litali ndi m'lifupi, n'kubwerera akumwetulira. "Mukanabwera nthawi yokolola ndikanakuthamangitsani ndi chitsulo cha sikelo. Koma poti mwabwera lero, ndikauza anzanga. Mdzukulu wanga yemwe anabadwira m'wodi imeneyo."

Abwana ndi a Sisita anasainirana masana omwewo, pa masabata 17.

Ntchito inayenda monga ntchito zomanga zimayendera, mopunthwapunthwa. Mayi Pensulo anamata ndondomeko ija pakhoma pafupi ndi desiki yawo, ndipo Loweruka lililonse ankaimbira akapitawo kufunsa pomwe afika, n'kudetsa bokosi la sabata imeneyo. Akapitawo ankadandaula kuti apeza apongozi achiwiri, koma ndinaona kuti Loweruka likafika foni ankaiika m'thumba la malaya, osati m'galimoto. Malata atsopano anachedwa masiku anayi kwa ogulitsa, ndipo poti pulasitala ankadikira denga, masiku anayiwo anakankha ntchito zonse za pambuyo pake. Tinamaliza patatha masabata 17 ndi masiku anayi. Mabedi anawoloka msewu Lachisanu la sabata ya 18. Nthawi imeneyo m'shedi muja munali kale matumba a malole atatu, ouma bwinobwino.

Tsiku losamutsalo ndinapita ndi Mayi Pensulo kukasiya makalata omaliza. A Sisita anawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'kati. Ine ndinatsalira pakhonde, poti m'menemo si mwa abambo. Anakhalamo nthawi yaitali. Potuluka maso anali ofiira.

"Zaka zonsezi ndatayipa nyumba zambirimbiri," anandiuza tili m'galimoto, "koma ndinali ndisanalowepo m'nyumba ngakhale imodzi. Muli kamwana m'chipinda chatsopano chija, a Giya, kochepa ngati dzanja langali. Kakupuma."

Kuyambira pamenepo ndondomeko iliyonse ya pa kampani yathu ili ndi mizere iwiri pansi: wokonza, ndi woonanso. Pa mzere wachiwiriwo amasaina ndi Mayi Pensulo. A Injiniya anakonza kompyuta kuti iziwonkhetsa yokha, komabe pepala silituluka pakhomo lisanadutse pa desiki ya pafupi ndi chitseko. Sikuti nthawi zonse amapeza cholakwa ayi. Kawirikawiri zimakhala bwinobwino, ndipo kamodzi anakangana ndi a Injiniya theka la tsiku pa sabata imene iwo eni anaiwerenga kawiri. Anapepesa, a Injiniya n'kuwagulira sikono.

Mwezi wapitawu abwana anawalembetsa Mayi Pensulo maphunziro a Loweruka masana a kakonzedwe ka ntchito zomanga, pa sukulu ya ntchito zamanja. M'kalasimo ndi iwo okha a imvi, ndipo anzawo amawatcha Anti. Loweruka lapitali amuna awo anali ndi ntchito yowotcherera geti kutali, ndiye ndinakawatenga ndine. Ndinawapeza atakhala pa sitepe, atazunguliridwa ndi atsikana atatu a m'kalasi mwawo, makope ali pamaondo.

"Anti, galimoto yabwera," anatero mmodzi.

"Idikire," anayankha osadzutsa mutu. "A Giya, zimitsani injini, mafuta angathe. Awa ayika penti patsogolo pa pulasitala."

Ndinazimitsa, n'kutsitsa mpando.